Si aliyense amene mutu wake umagwira m'bandakucha

Pali chiphunzitso chimene chafala kwambiri pakati pa anthu olangiza anzawo za kupita patsogolo pa moyo, ndipo chikubutsa mtsutso m'maofesi, m'masukulu ngakhalenso m'mabanja. Akuti munthu wofuna kutukuka azidzuka 5 koloko m'mawa n'kuyamba ndi ntchito imene ikumuvuta kwambiri kunja kusanache. Amene mutu wake suyenda nthawi imeneyo amangoweruzidwa kuti ndi waulesi, kapena kuti sanatsimikize mtima. Ena akukana chiphunzitsochi, ndipo ine ndili mbali ya okanawo, koma osati chifukwa chokonda bulangete. Ndikuvomereza ndi mtima wonse kuti ntchito yovuta iyenera kupatsidwa maola abwino kwambiri a tsiku. Chimene ndikukana n'chakuti maola amenewo ndi amodzimodzi kwa anthu onse. Mfundo yanga ndi yakuti ntchito yofuna kusamala, imene ukalakwitsa cholakwacho chimabisala n'kudzaoneka mochedwa, iziikidwa pa nthawi imene mutu wa mwini wake umagwira bwino, ndipo nthawi imeneyo munthu aziipeza poyesa n'kuwerenga zolakwa zake, osati pomvera mlaliki wa kudzuka m'mamawa kapena podalira m'mene akumvera m'thupi.

Kuti timvane bwino, tiyambe ndi zimene zimachitika m'thupi. Mu 1982 katswiri wina wa za tulo wa ku Zurich, Alexander Borbély, anafotokoza kuti pali zinthu ziwiri zimene zimakokana mwa munthu tsiku lonse. Choyamba ndi kulemera kwa tulo. Chidzukireni m'mawa, mu ubongo mumachulukana pang'onopang'ono kanthu kotchedwa adenosini, ndipo kakachuluka zikope zimalemera. Tikagona kamachepa. Khofi sachotsa kanthuka, amangotseka malo amene kamakhalapo kuti ubongo usamve uthenga wake, n'chifukwa chake mphamvu ya khofi ikatha tulo timabwera tonse nthawi imodzi. Chachiwiri ndi wotchi ya m'thupi, kagulu ka maselo pafupifupi 20,000 kamene kali m'kati mwa ubongo, pamwamba pa malo amene mitsempha yochokera m'maso imapingasana. Wotchi imeneyi imayenda pafupifupi maola 24, imakonzedwa ndi kuwala kolowa m'maso, ndipo ndi imene imalamula kutentha kwa thupi ndi nthawi imene munthu amakhala tcheru. Thupi limazizira kwambiri kutatsala maola pafupifupi awiri kuti munthu adzuke yekha popanda womudzutsa, ndipo pamenepo m'pamene maganizo amakhala pansi penipeni. Kenaka amakwera m'mawa wonse, amatsikako masana, n'kukweranso madzulo. Kutsika kwa masanaku anthu ambiri amanamizira chakudya, koma kumabwera ngakhale munthu asanadye kanthu. Kukhuta kumangowonjezera.

Tsono nkhani yagona apa: wotchi imeneyi siyendera limodzi mwa anthu onse. Kuyambira 1976, pamene Horne ndi Östberg anakonza mafunso 19 osiyanitsa anthu a m'mawa ndi anthu a madzulo, ofufuza akhala akupeza chinthu chomwecho. Pali ena ochepa amene 5 koloko imawapeza ali maso kale, pali ena amene mutu wawo umatseguka dzuwa litapendeka, ndipo ambiri ali pakatikati. Msinkhu nawo umasuntha wotchiyi. Till Roenneberg wa ku Munich, atafunsa anthu masauzande ambiri za nthawi imene amagona ndi kudzuka, anapeza kuti ana amakhala a m'mawa, achinyamata amanka nachedwa mpaka kufika zaka pafupifupi 20, kenaka munthu amayamba kubwerera pang'onopang'ono mpaka ukalamba. Agogo amene amadzuka tambala woyamba asanalire sakuposa mdzukulu wawo pa khama, wotchi yawo ndi imene yasuntha. Ndipo kusiyanaku kumaonekera pa ntchito ya mutu. Mu 1993 Cynthia May, Lynn Hasher ndi mnzawo wina anayesa kukumbukira kwa okalamba ndi achinyamata. Atawayesa madzulo, achinyamata anawasiya kutali okalambawo. Atawayesa m'mawa, kusiyana kuja kunazimiririka. Mayeso anali omwewo, chimene chinasintha ndi ola.

Tiyeni tichoke kwa akatswiri titenge chitsanzo chongoyerekeza, kuti tione m'mene munthu angapezere maola ake. Tinene kuti pali mayi wina wogwira ntchito ya akaunti. Ntchito yake yovuta kwambiri ndi kuyanjanitsa malisiti ndi sitetimenti ya ku banki kumapeto kwa mwezi. Masiku a ntchito amagona cha m'ma 11:30 usiku ndipo alamu imamudzutsa 5:30 m'mawa. Masiku opuma, pamene palibe womudzutsa, tulo timamupeza 12:30 usiku ndipo amadzuka yekha 8:30. Njira ya Roenneberg ndi yoyang'ana pakati pa tulo pa masiku opumawo, chifukwa m'pamene thupi limalankhula lokha. Kwa mayiyu pakati pa tulo take ndi 4:30 m'mawa. Popeza masiku opumawo amakhalanso akubweza tulo timene anataya m'kati mwa sabata, tichotsepo mphindi pafupifupi 40, tifike cha m'ma 3:50. Pa masiku a ntchito pakati pa tulo take ndi 2:30. Ndiye kuti sabata iliyonse thupi lake limakokedwa kupita kutsogolo ndi kumbuyo ndi maola awiri. Chofunika kuchiona n'chakuti ngati kudzuka kwake kwachibadwa kuli cha m'ma 8 koloko, thupi lake limazizira kwambiri cha m'ma 6 koloko. Alamu ya 5:30 imamudzutsa pa nthawi imene wotchi yake ikuti usiku uli pakati. Kumuuza mayi ameneyu kuti adzuke 5 koloko n'kutsegula mabuku a ndalama ndi kumupatsa ntchito yake yoopsa kwambiri pa ola limene mutu wake uli pansi kuposa maola onse.

Komabe kudziwa pakati pa tulo kumangosonyeza mbali imene munthu wapendekera, sikutchula ola lenileni. Ola limapezeka poyesa ntchito yeniyeniyo. Mayi uja agawe malisiti m'milu yofanana, tinene 40 pa mulu, azigwira mulu umodzi 8 koloko, wina 10:30, wina 2 koloko masana, wina 4 koloko madzulo, kwa masabata awiri. Alembe zinthu ziwiri zokha: mphindi zimene mulu wamutengera, ndi zolakwa zimene wapeza pobwereza mawa lake. Anthu a akaunti amadziwa bwino cholakwa cha munthu amene maso akuona koma mutu uli kwina. Lisiti likuti 1,269, iye walemba 1,296. Mabuku akana kugwirizana ndi 27, ndipo wozolowera ntchitoyi akaona kuti kusiyanako kukugawika ndi 9 amadziwiratu kuti penapake manambala asinthana malo. Zolakwa zamtundu umenewu, kudumpha mzere, kulowetsa lisiti limodzi kawiri, kuwerenga ndime katatu osamva kanthu, ndi zimene zimaulula ola loipa. Tiyerekeze kuti pomaliza wapeza kuti milu ya 10:30 ndi ya 4 koloko ili ndi zolakwa zochepa, ya 8 koloko ili pakati, ndipo ya 2 koloko ndi yodzaza ndi manambala osinthana. Ayenera kusamala ndi zinthu zingapo zimene zingamunamize. Masiku oyamba aliyense amachedwa chifukwa sanazolowere, ndiye asamayambe ndi ola lomwelo tsiku lililonse. Tsiku limene wachezera usiku wonse akudwazika mwana alichotse pa chiwerengero. Ndipo khofi amwe monga mwa masiku onse, chifukwa theka la mphamvu yake limakhalabe m'thupi patatha maola pafupifupi 5, ndipo kapu imodzi yowonjezera ikhoza kusandutsa ola loipa kuoneka ngati labwino.

Tsopano timve a mbali inayo, chifukwa ali ndi mfundo zawo ndipo zina n'zolemera. Yoyamba imati m'mera mpoyamba. Anthu ambiri amene achita bwino amadzuka m'mamawa, ndipo aliyense amene anayesapo kuwerenga kapena kulemba kunja kusanache amachitira umboni kuti ntchito imayenda. Umboni umenewu sindikuutaya. Koma tifunse kuti chimene chimawathandiza n'chiyani kwenikweni. Nthawi imeneyo foni sikulira, ana ali mtulo, palibe wogogoda pachitseko, abwana sanayambe kuitana. Chimene apeza ndi bata. Kwa munthu wa m'mawa bata limeneli limakumana ndi maola ake abwino, ndipo n'zoona kuti wapata zonse ziwiri. Kwa munthu wa madzulo bata lomwelo likupezeka 9 koloko usiku, mutu wake uli wotseguka. Kuwonjezera apo, timamva mawu a okhawo amene njirayi inawayendera. Amene anayesa kwa mwezi n'kumasinza pamsonkhano wa masana anasiya mwakachetechete, akudziimba mlandu, ndipo palibe amene amawaitana kuti adzalankhule pagulu.

Pamenepa pali ngozi imene olimbikitsa kudzuka msanga saitchula kawirikawiri. Kutchera alamu ya 5 koloko n'kosavuta, koma kulamula tulo kuti tibwere 9 koloko usiku n'kosatheka kwa munthu amene wotchi yake ikuti kudakali masana. Zotsatira zake n'zakuti amagona nthawi yake yomwe ija n'kudzuka msanga, ndiye tulo tafupika. Mu 2003 Hans Van Dongen ndi anzake ku Pennsylvania anagoneka anthu maola 6 okha usiku uliwonse kwa masabata awiri. Tsiku ndi tsiku anthuwo ankanka nalakwitsa pa mayeso a kukhala tcheru, mpaka pomaliza anafanana ndi munthu amene wachezera usiku wonse osagona. Chodabwitsa chinali chakuti atawafunsa, iwo ankati akumva tulo pang'ono chabe, ndipo ankaganiza kuti azolowera. Ichi n'chifukwa chake ndikuumirira kuti munthu awerenge zolakwa zake. Mutu wotopa ndi mboni yonama pa mlandu wa kutopa kwake komwe, ndipo wodzuka 5 koloko amene akuti akumva bwino angakhale akunena zoona za m'mene akumvera, mabuku ake akunena zina.

Mfundo yachiwiri imati thupi limaphunzitsika. Munthu akapirira milungu ingapo adzasanduka wa m'mawa, ndiye nkhani ya wotchi yachibadwa ndi podzikhululukira chabe. Apa theka lake n'loona. Wotchi ya m'thupi imasunthadi, ndipo chimene chimaisuntha kwambiri ndi kuwala. Mu 2013 Kenneth Wright wa ku Colorado anatenga anthu kupita nawo kumapiri kwa sabata imodzi, kopanda magetsi, kopanda mafoni, kuwala kwawo kuli dzuwa ndi moto basi. Pobwerera wotchi zawo zinali zitafulumira ndi maola pafupifupi awiri, ndipo amene anasuntha kwambiri anali ochedwa kugona aja. Choncho munthu amene amaona dzuwa m'mawa n'kuzimitsa magetsi owala ndi foni usiku akhoza kukoka nthawi yake ndi ola limodzi kapena awiri, ndipo ndingamulimbikitse kutero ngati ntchito yake imayamba m'mawa. Koma taonani kuti chinasuntha anthu aja ndi dzuwa, osati kulimba mtima. Taonaninso malire ake. Mbali ina ya wotchiyi munthu amabadwa nayo. Akatswiri atatu, Hall, Rosbash ndi Young, analandira mphoto ya Nobel mu 2017 chifukwa chosonyeza m'mene wotchi imeneyi imayendera m'kati mwa selo lenilenilo, ndipo mabanja a anthu ogona msanga kwambiri amapatsirana khalidweli kuchokera kwa makolo. Mayi wathu wa akaunti akhoza kufika podzuka yekha 7 koloko m'malo mwa 8:30. Kuti 5 koloko ikhale nthawi yake yabwino, zimenezo n'zokayikitsa, ndipo akangosiya kusamala za kuwala wotchi yake imabwerera kumene inali.

Mfundo yachitatu ndi imene ndimaiona kuti ndi yolimba kuposa zonse. Akuti nkhani yonseyi ndi ya anthu amwayi amene amadzisankhira okha nthawi yogwira ntchito. Namwino, mphunzitsi, wogulitsa m'sitolo, woyendetsa galimoto, onsewa amauzidwa nthawi yolowa ndi yotuluka, ndipo wodwala kapena kasitomala safunsa ngati mutu wako watseguka. Zoona, ndipo pali ntchito zimene sizingadikire ola la munthu. Koma pafupifupi ntchito iliyonse ili ndi mbali ziwiri: imene imabwera yokha nthawi ina iliyonse, ndi imene wogwirayo amaika pamene wafuna. Mphunzitsi sasankha nthawi ya belu, koma amasankha ngati achonga mayeso a masamu 2 koloko masana kapena 4:30. Kalipentala akhoza kuyeza ndi kudula matabwa odula mtengo pa nthawi imene mutu uli tcheru, n'kusiya kupala ndi kupaka vanishi masana, chifukwa thabwa ukalidula molakwika silibwerera, pamene kupala ukhoza kubwereza. Wogulitsa akhoza kuwerengera katundu ndi kulemba maoda m'mawa, n'kumasanja mashelefu pa nthawi ya kusinza. Ngakhale wa shifiti ya usiku, amene wotchi yake ikulimbana naye usiku wonse, amadziwa kuti pakati pa 3 ndi 5 koloko m'pamene pamaterera. Chimene chingachitike nthawi imeneyo isanakwane achite msanga, ndipo chimene sichingasunthike achite pamodzi ndi mnzake wachiwiri woonanso manambala.

Komanso mfundo imeneyi, mukaiyang'anitsitsa, ikuloza chala kwa oyang'anira ntchito, osati kwa ine. M'maofesi ambiri maola a pakati pa 9 koloko ndi 12 koloko, amene anthu ambiri a pakatikati aja amaganiza bwino, ndi amene amadyedwa ndi misonkhano yongomvera malipoti. Anthu amakhala chete mozungulira tebulo, wina akuwerenga zimene aliyense akanatha kuwerenga yekha, kenaka bajeti, makontirakiti ndi kuwerengera malipiro zimagwera 2 koloko masana. Kusinthanitsa ziwirizi sikufuna ndalama ngakhale pang'ono. Msonkhano wongodziwitsana zinthu umapirira ola la kusinza, chifukwa kulankhulana kumadzutsa anthu, pamene tsamba la manambala silidzutsa munthu. Ndipo bwana amene iye mwini ndi wa m'mawa azikumbukira kuti kufika 7 koloko ali wosangalala si umboni wa khalidwe labwino kuposa la anzake. Kumene akuluakulu anamvetsa zimenezi zinthu zinasinthadi. Bungwe la madokotala a ana la ku America linalangiza mu 2014 kuti masukulu a achinyamata asamayambe 8:30 isanakwane, ndipo boma la California linakhazikitsa lamulo lotere mu 2019 kwa masukulu a sekondale. Ndiye kunena kuti anthu sasankha maola awo si chifukwa chotsekera nkhaniyi. Ndi chifukwa choipititsira kwa amene amasankhira anzawo.

Ena amatsutsa mwanjira ina, akuti kusiyana kwa maolaku n'kochepa ndipo ofufuza ena anakokomeza. Awa ndiyenera kuwapatsa ulemu wawo. Kafukufuku wotchuka wa mu 2011, wonena kuti oweruza a ku Israel ankakana kumasula akaidi akatsala pang'ono kupita kokadya, anatsutsidwa chifukwa milanduyo sinkabwera mwachisawawa, ndipo sindingamangepo mfundo. Kafukufuku wa ku Denmark wa mu 2016, amene anaona mayeso pafupifupi 2 miliyoni a ana a sukulu, anapeza kuti ola lililonse likamapita zotsatira zinkatsika, koma pang'ono kwambiri, ndipo kupuma kwa mphindi 20 kapena 30 kunkabweza zimene zatayikazo n'kuposerapo. Choncho amene akulonjeza kuti ukapeza ola lako udzasanduka munthu wina akunama. Kugona mokwanira, kudziwa ntchito yako ndi kupuma pakati n'zazikulu kuposa ola. Koma pali zinthu ziwiri zoti tiyankhe. Ukasakaniza anthu a m'mawa ndi a madzulo m'gulu limodzi n'kutenga chiwerengero cha pakati, kukwera kwa ena kumafafaniza kutsika kwa ena, ndipo kusiyana kumaoneka kochepa kuposa m'mene kulili kwa munthu mmodzi amene ali kumapeto. Chinanso, kukula kwa cholakwa sikuyezedwa ndi kuchuluka kwake kokha. Nambala imodzi yosinthana pa malipiro a antchito ikhoza kudya tsiku lathunthu lofufuza, ndipo pa mlingo wa mankhwala ikhoza kudya zoposa tsiku. Kwa munthu wa pakatikati, kusiyana kwa 9 koloko ndi 11 koloko mwina n'kosaoneka, ndipo asavutike nako. Phindu lalikulu lili popewa maenje atatu: theka la ola kapena ola loyamba munthu atangodzuka, pamene ubongo ukadali ndi chizimezime cha tulo, kutsika kwa masana, ndi m'bandakucha wa thupi lake.

Pali malire ena amene ine ndemwe ndiyenera kuika pa mfundo yanga, chifukwa mawu akuti ntchito yovuta amabisa zinthu ziwiri zosiyana. Mu 2011 Mareike Wieth ndi Rose Zacks anapatsa ophunzira a pa yunivesite mafunso a mitundu iwiri. Ena anali ofuna kuyenda sitepe ndi sitepe mpaka kufika pa yankho, ena anali amtundu wa ndagi, amene yankho lake limatulukira mwadzidzidzi munthu akasiya njira imene anaiganiza poyamba. Pa mafunso a ndagi aja ophunzira anachita bwino pa nthawi imene sinali yawo, a m'mawa madzulo, a madzulo m'mawa. Kufotokoza kwake n'kwakuti mutu ukakhala tcheru umatsekera kunja maganizo osafunika, zimene n'zabwino poyanjanitsa malisiti, koma nthawi zina ganizo looneka losafunikalo ndi limene lili ndi yankho. Ndi kafukufuku mmodzi, ndipo sindingamange nyumba yonse pa iye, koma akugwirizana ndi zimene ambiri amaona, kuti nzeru ya vuto limene lakukanika tsiku lonse imabwera uli m'bafa kapena ukuyenda pansi. Kwa mayi wathu uja izi zikutanthauza kuti kufufuza manambala kupite 10:30, koma funso lakuti n'chifukwa chiyani kasitomala yemweyo amasokoneza mabuku mwezi uliwonse akhoza kulinyamula poyenda masana, n'kulemba chilichonse chimene chabwera, kuti adzachiweruze mawa mutu uli bwino.

Chotsala ndi chidandaulo cha makolo, aphunzitsi ndi mabwana amene aona mfundo yabwino ikusanduka pobisalira ulesi. Akuti ukangomuuza munthu kuti ali ndi maola ake, mawa akuuza kuti lipoti silinathe chifukwa nthawi yake sinakwane, ndipo mnyamata amene wachezera pa foni mpaka 2 koloko usiku adzitcha munthu wa madzulo. Zimenezi zimachitikadi. Koma njira imene ndafotokoza ndi yolimba kuposa ya kudzuka 5 koloko, chifukwa imafuna umboni wolembedwa ndipo imamanga munthu pa ola lodziwika. Amene wapeza kuti nthawi yake ndi 10:30 alibenso pothawira 10:30 ikakwana: foni aike kutali, makalata adikire, atsegule ntchito imene akuiopayo kaya akufuna kaya sakufuna. Maola otere si ambiri, kwa anthu ambiri ndi awiri kapena atatu otsatizana, ndipo akawamwaza poyankha mauthenga tsikulo lapita. Kusiyanitsa munthu wa madzulo weniweni ndi wongochedwa pa foni nakonso n'kotheka. Apatsidwe masabata awiri oona dzuwa m'mawa, osamwa khofi masana akadutsa, n'kuzimitsa foni ola limodzi asanagone. Ngati tulo tayamba kumupeza 10 koloko, ndiye kuti inali foni. Ngati akugonabe chagada mumdima mpaka 12:30 maso ali gwa, ndiye kuti ndi wotchi yake, ndipo amene amagawa ntchito pamalopo amuike pa zofuna kusamala kuyambira chakumasana, zam'mawa apatse mnzake amene 7 koloko imamupeza atatseguka kale.